Felemu ya khola yapendama: uku 158, uku 154.5, ndikhome kapena ndiyambe ndaima?

Woweta nkhuku: Moni nonse pagulu pano. Ndikupanga khola la nkhuku zanga zisanu ndi imodzi, ndipo ndayamba ndi felemu ya kutsogolo komwe kudzakhale chitseko. Matabwa ogona, lapamwamba ndi lapansi, ndadula masentimita 120 lililonse. Oimirira awiri ndadula masentimita 90. Ndinamva kuti musanakhome misomali yonse mumayeza kona ndi kona modutsa pakati, ndiye ndayeza. Uku ndapeza 158, uku 154.5. Ndikayang'ana ndi maso felemuyo ikuoneka yabwinobwino. Kodi kusiyana kumeneku n'kodetsa nkhawa, kapena ndingopitiriza?

Mnyamata wa pasowo: Mayi, pali chimene chalakwika kwambiri pamenepo. Felemu ya 120 ndi 90 dayagonolo yake, muyezo wa kona ndi kona umene mwatengawo, imayenera kukhala 150 ndendende, ndi lamulo lija la 3, 4, 5 loti mbali zikakhala 3 ndi 4 dayagonolo imakhala 5. Inu zonse ziwiri zapitirira 150. Mwina tepi yanu ndi yowonongeka kapena mwadula matabwa molakwika.

Kalipentala wamkulu: Tayambani mwaima kaye achimwene, tisawauze mayiwa kuti adule matabwa ena tisanafunse. Mayi, matabwa anu ndi onenepa bwanji? Ndipo oimirirawo mwawalowetsa pakati pa ogonawo, kapena mwawakhomera m'mbali?

Woweta nkhuku: Ndi a masentimita 5 mbali zonse, bambo. Oimirirawo ali pakati, lapamwamba lakhala pamitu pawo, lapansi lili kunsi kwawo.

Kalipentala wamkulu: Ndiye tepi yanu ilibe mlandu. Mwadula 90, koma pamwamba pawonjezeka 5, pansi pawonjezekanso 5. Felemu yanu kunja kwake ndi 120 ndi 100, osati 120 ndi 90. Ikakhala pa sikweya, kuchokera kona yakunja kufika kona yakunja inzake mupeza masentimita 156.2 kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo. Onani kuti nambala imeneyi yagwera pakati pa 158 ndi 154.5. Zimenezi zikundiuza kuti matabwa mwadula bwino, felemu yangotsamira mbali imodzi basi.

Koma musakhome. Kusiyana kwa masentimita 3.5 pa felemu yaing'ono chotero n'kwakukulu. Maso sangakuuzeni chifukwa felemu ili yokha pansi, palibe chowongoka choiyerekeza nacho. Tsiku limene mudzalowetse chitseko ndi pamene mudzaone: kona imodzi chikukhula, kona ina chasiya mpata woti chala chilowe.

Mnyamata wa pasowo: Zoona madala, kunenepa kwa matabwa sindinakuwerengere. Pepani mayi.

Mphunzitsi wa masamu: Ndawerengera pang'ono kuti mayiwa aone kukula kwa nkhaniyi. Ndi manambala awo, thabwa lapamwamba lasendera kumbali pafupifupi masentimita 2.3 poyerekeza ndi lapansi. Ndiye kuti mukaimika felemuyo, n'kulendewetsa chingwe chomangirira mwala kuchokera pakona yapamwamba, mwalawo udzaphonya kona yapansi ndi mpata woposa chala chachikulu. Ofuna kudziwa pomwe 156.2 yachokera, ndi apa:

```
120 x 120 = 14400
100 x 100 = 10000
14400 + 10000 = 24400
156.2 x 156.2 = 24398
```

Woweta nkhuku: Zikomo aphunzitsi, koma ine masamu amenewo sindingawachite nthawi iliyonse ndikamapanga mbali zinazo za khola. Ndiye kuti popanda kuwerengera sindingathe?

Kalipentala wamkulu: Ayi mayi, simukufunika kuwerengera chilichonse. Ine zaka zonsezi sindinakhalepo pansi kuchulukitsa manambala ndisanakhome felemu. Chimene tikufuna n'chakuti miyezo iwiriyo ifanane, kaya ikhala 156 kaya 200. Mukapeza kuti yasiyana, tengani kusiyanako mukugawe pawiri. Kwa inu 3.5 theka lake ndi 1.75, tingoti masentimita awiri osakwana pang'ono. Mukankhe makona a dayagonolo yaitaliyo kuti ayandikane ndi mlingo umenewo basi. Yaitali ikamafupika, yaifupi imatalika nthawi yomweyo, zimakumana pakati. Ambiri amalakwa apa: aona kusiyana kwa 3.5, akankha 3.5 yonse, n'kupeza kuti felemu yapendamira mbali inayo.

Mwakhoma misomali ingati pakona iliyonse?

Woweta nkhuku: Makona awiri apansi ndakhoma iwiri iwiri, apamwamba umodzi umodzi.

Kalipentala wamkulu: Zulani umodzi pakona iliyonse yapansi, pakhale umodzi umodzi paliponse. Msomali umodzi umalola kona kutembenuka pang'ono. Iwiri imalimbana nanu, ndipo mukakakamiza mumangopinda misomaliyo mkati mwa thabwa kapena kung'amba mutu wa thabwalo. Mwinanso felemu imvera pamene mwaigwira, koma mukangosiya ibwerera pomwe inali.

Kenako chitani motere. Goneketsani felemu pamalo osalala. Pezani kathabwa kopyapyala kotalika kuposa dayagonoloyo, mukagoneke pamwamba pa felemu motsata dayagonolo yaitali ija ya 158. Mbali imodzi khomani ndi kamsomali kamodzi. Mbali inayo yambitsani kamsomali m'kathabwako koma kasalowe m'felemu. Tsamiritsani kona imodzi ya dayagonolo yaitaliyo kukhoma kapena pachinthu chosasuntha, inu mukankhe kona inayo pang'onopang'ono, wina atagwira tepi pa dayagonolo yaifupi ija. Akangoti yafika 156.2, menyani kamsomali kaja. Musakamize mutu, mudzafuna kukazula. Mukatero tembenuzani felemu muyezenso zonse ziwiri, ndipo zikafanana ndi pamene mukhome misomali yotsala m'makona.

Womanga nyumba: Kathabwako bwanji osakaika pa dayagonolo yaifupi? Ife pomanga timangochirikiza mbali iliyonse yomwe yatiyandikira.

Kalipentala wamkulu: Likakhala thabwa lonenepa, mbali iliyonse ligwira ntchito. Koma felemu imene mwaikankha imafuna kubwerera kumene inazolowera, dayagonolo imene inali yaitali imafuna kutalikanso. Kathabwa kopyapyala kakakhala pamenepo kamakokedwa, ndipo pokokedwa n'kolimba. Mukakaika pa yaifupi ija kamapanikizidwa, kamatha kupindika ngati uta n'kulola felemu kusendera.

Mnyamata wa pasowo: Ine ndikakhala ndekha ndimamanga chingwe kuzungulira makona awiri a dayagonolo yaitali, n'kulowetsa kamtengo pakati pa chingwecho n'kumapotokola. Chimakoka pang'onopang'ono ndipo manja onse amakhala omasuka kugwira tepi. Pamakona ndimaikapo tizidutswa ta makatoni kuti chingwe chisadye thabwa.

Kalipentala wamkulu: Njira imeneyo ndi yabwino kwambiri, makamaka pa felemu yaikulu. Kungosamala kamtengoko, kakapulumuka m'manja kamazungulira ndi mphamvu.

Wa kabati: Ndilowererepo ndi vuto langa, chifukwa ine njira ya dayagonoloyi ndinasiya kuikhulupirira. Ndinapanga kabati yotalika masentimita 180, m'lifupi 80. Ndinayeza kona ndi kona, zonse ziwiri zinafanana mpaka pa milimita. Ndinakhoma, ndinamata ndi guluu. Pobwera kuika zitseko ziwiri, pamwamba zinalowa bwino, pansi zinakanirana, moti ndinachita kupala chitseko chimodzi. Ngati madayagonolo ofanana amatanthauza sikweya, chinachitika n'chiyani?

Mphunzitsi wa masamu: Achimwene, kabatiyo mukadali nayo? Tayezani m'lifupi mwake pamwamba, kenako pansi.

Wa kabati: Ndayeza tsopano lino. Pamwamba 80, pansi 78.8.

Mphunzitsi wa masamu: Yankho ndi limenelo. Madayagonolo ofanana amakutsimikizirani sikweya pokhapokha mbali zoyang'anana zikhale zofanana kale: pamwamba ndi pansi chimodzimodzi, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. Taganizani za ndowa mukaiyang'ana cham'mbali, kukamwa kotambalala, kunsi kopanikizika. Mbali zake ziwiri zapendekera mofanana, ndiye mukayeza kona ndi kona mupeza miyezo yofanana bwinobwino, koma palibe kona ngakhale imodzi yomwe ili pa sikweya. Kabati yanu yakhala ngati ndowa imeneyo. Mwendo uliwonse walowa mkati mamilimita 6 pansi.

Wa kabati: Ndakumbuka. Thabwa lapansi linang'ambika kumapeto, ndinalidulako pang'ono n'kuiwala kuti ndidulenso lapamwamba.

Kalipentala wamkulu: N'chifukwa chake ine matabwa oyang'anana sindiwayeza lililonse palokha. Ndimawagoneka pamodzi, kufananitsa mitu mbali imodzi, kulemba mzere umodzi wodutsa onse awiri, ndipo ngati n'kotheka kuwadula limodzi atapanidwa. Tepi mukaiwerenga kawiri mutha kuiwerenga mosiyana, koma matabwa awiri ogonekedwa pamodzi chala chokha chimamva ngati lina latuluka.

Mayi a nkhuku, musanakankhe felemu yanu yezani zimenezi kaye. M'lifupi pamwamba ndi pansi, kutalika kumanja ndi kumanzere. Ndanena kuti manambala anu akusonyeza kuti mwadula bwino, komabe kuyeza kumeneku n'kwa mphindi imodzi.

Mayi wosoka: Pepani, mwina sindinamvetse funso. Bwanji osangogula sikweya yachitsulo ija n'kuika pakona iliyonse? Si ntchito yake imeneyo?

Mnyamata wa pasowo: Sikweya ndi yolembera mizere yodula basi, pa felemu ilibe ntchito.

Kalipentala wamkulu: Kunena kuti ilibe ntchito n'kupyola malire. Pa kabokosi kakang'ono kapena dilowa imathandiza. Vuto lake ndi kufupika. Sikweya ya masentimita 30 imangoona masentimita 30 oyambirira a thabwa. Ikasiya mpata wa milimita imodzi kumapeto kwake, mwina simuuona n'komwe, koma pa thabwa la 180 milimita imeneyo yasanduka 6 kumapeto. Komanso thabwa likakhala lokhota pang'ono pafupi ndi kona, sikweya imakuuzani za kukhotako, osati za felemu yonse. Dayagonolo imayeza kuchokera kumapeto kufika kumapeto, ndiye cholakwika chilichonse chimaonekera pa kutalika konse.

Ndiponso sikweya yokhayo imatha kunama ikagwapo pansi. Kuiyesa n'kosavuta: igundikeni m'mphepete mowongoka mwa thabwa, lembani mzere, itembenuzeni mbali inayo pamalo omwewo, lembaninso. Mizere iwiriyo ikapatukana ngati mphanda, sikweyayo yapita.

Womanga nyumba: Ine ndikuona kuti tikukokomeza. Ndi khola la nkhuku ili, si kabati ya pabalaza. Waya ukakhomedwa mbali zonse ugwira felemu yokha, palibe chosendera.

Kalipentala wamkulu: Apa pokha sindikugwirizana nanu bambo. Waya wa nkhuku maso ake amatambasuka n'kufinyika, sungaletse felemu kupendama. Ndipo choopsa kwambiri, pokoka wayayo kuti uthine ndi pamene anthu ambiri amapendamitsa felemu imene inali bwino. Mwakhoma mbali imodzi, mwakoka kona inayo ndi mphamvu, felemu yatsatira. Choncho kathabwa kongoyembekezera kaja kasachoke mpaka mutaika chochirikiza chenicheni: thabwa lopingasa lolowa bwino pakati pa makona, kapena tizidutswa ta pulayiwudi ta makona atatu tokhomedwa pakona iliyonse. Matabwa anayi olumikizidwa m'makona amatha kusendera nthawi iliyonse, koma atatu olumikizana sangasinthe maonekedwe pokhapokha lina lithyoke kapena msomali uzuke.

Pa nkhani yakuti ndi khola chabe, mukunena zoona pang'ono. Pa mbali za kumbuyo ndi m'mbali, madayagonolo akasiyana ndi mamilimita 5 ine sindivutika nazo. Koma mbali ya chitseko ndimafuna isapitirire 2 kapena 3, chifukwa mpata umene watsala pakona ya chitseko ndi pomwe khoswe amalowera usiku.

Womanga nyumba: Mamilimita 2 pa matabwa osapala? Kona yake yeniyeniyo ndi yamanyawa, mbedza ya tepi simungaikhazike pamalo amodzi kawiri. Ine ndikuti 5 ndi yokwanira ngakhale pachitseko, kenako chitsekocho mumachipanga motsata mpata womwe ulipo, n'kukhoma kathabwa kotsekera kumbuyo kwake.

Kalipentala wamkulu: Kathabwa kotsekera ndikuvomereza, kamabisa zambiri. Pa 5 paja tisiyana maganizo.

Mphunzitsi wa masamu: Nkhani ya mbedza ya tepi imene bambo atchulayi ndi yeniyeni. Mbedza ija imagwedera dala, pafupifupi mlingo wa kunenepa kwake, kuti muyezo ukhale wolondola kaya mwakola kunja kwa thabwa kaya mwagunditsa mkati. Koma pa dayagonolo mbedzayo imakhala mopendekera pansonga ya kona, ndiye itha kukola mosiyana uku ndi uku. Chofunika ndi kuchita chimodzimodzi mbali zonse ziwiri: tepi yomweyo, m'mphepete momwemo mwa tepiyo powerenga, ndipo ngati mwayamba kunja ndi kunja musasinthe n'kuyeza inayo mkati ndi mkati. Pa felemu ya mayiwa mkati ndi 110 ndi 90, dayagonolo yake ndi pafupifupi 142, ndiye mukasakaniza musokonezeka kwambiri.

Kalipentala wamkulu: Pa kabati ine tepi sindiigwiritsa n'komwe pa ntchito imeneyi. Ndimatenga timitengo tiwiri towongoka, kalikonse kosongoledwa mbali imodzi ngati chizulo chophwatalala. Ndimatigoneka pamodzi nsonga zitayang'ana kunja, n'kutitsetsereza mpaka nsonga zonse zitalowa m'makona amkati, n'kutipana kapena kungotigwira zolimba ndi dzanja. Kenako ndimasamutsira ku dayagonolo inayo. Tikalowa mongokwanira, basi zatheka. Tikakana kulowa, imeneyo ndiye yaifupi. Tikagwedera, ndiye yaitali. Palibe nambala yowerenga, palibenso yoiwala.

Mayi wosoka: Nanga chingwe sichingagwire ntchito yomweyo?

Mnyamata wa pasowo: Chingwe chimatamuka mayi. Mukakoka kwambiri uku, pang'ono uku, sentimita yathunthu itha kubisala.

Wa kabati: Funso lina pa kabati. Ndikapanga ina, chimene chidzaigwire kuti isapendame pambuyo pake n'chiyani, poti thabwa lopingasa simungaike kutsogolo?

Kalipentala wamkulu: Pulayiwudi wa kumbuyo ndiye mwini ntchito imeneyo. Gonekani kabati chafufumimba, yezani madayagonolo, konzani, kenako ikani pulayiwudiyo. Khomani mbali imodzi yaitali yonse, yezaninso, ndipo mukakhutira khomani mbali yaifupi yoyandikana nayo, kenako zotsalazo, misomali motalikirana masentimita 15 kapena kucheperapo. Ngati mwamata ndi guluu, kuyeza kuchitike guluuyo asanagwire, mphindi zoyambirira zomwezo. Ndipo pa kabati yaitali yopyapyala ngati yanu musapeputse kusiyana kwakung'ono. Aphunzitsi atithandize, sentimita imodzi pa 180 ndi 80 imapereka chiyani?

Mphunzitsi wa masamu: Dayagonolo yake ndi pafupifupi 197. Ziwirizo zikasiyana ndi sentimita imodzi, mutu wa kabati wasendera kumbali pafupifupi masentimita 1.2.

Woweta nkhuku: Ndabweranso. Ndinayeza mbali zoyang'anana, zikufanana. Ndinazula misomali iwiri ija, mwana wanga anagwira tepi, ine n'kukankha. Poyamba ndinapyola, zinakhala 155.5 ndi 157, ndinabweza pang'ono. Panopa uku 156.3, uku 156.1, kathabwa ndakhoma, makona ndamaliza. Koma ndaona china. Felemu ikagona pansi, makona atatu akugunda, imodzi yatukuka pafupifupi sentimita imodzi. Ndikaiponda, ya kutsidya imadzuka. Ndalakwitsanso?

Womanga nyumba: Mwina ndi pansipo pomwe si posalala. Tembenuzani felemu kuti kona ina ifike pamalo amenewo. Ngati mpata ukhala pamalo omwewo apansi, vuto ndi pansi. Ngati utsatira kona ija ya felemu, vuto ndi felemu.

Kalipentala wamkulu: Bambo anena bwino, yambani ndi zimenezo. Ukatsatira felemu ndiye kuti yapotoka, ndipo kupotoka kwakung'ono tepi ya pa dayagonolo sikuona. Apa ndi pomwe chingwe chija cha mayi osoka chili ndi ntchito. Kumbali yopanda kathabwa, kokani ulusi kuchokera kona kufika kona, wina modutsana nawo, wonse utagona pankhope ya matabwa. Pakati pomwe ukudutsana uyenera kungokhudzana. Mukaona mpata, felemu yapotoka, ndipo kona yatukuka kuwirikiza kawiri mpatawo. Ukakhudzana musafulumire kukondwa, sinthani wapamwamba upite pansi muonenso, chifukwa mwina wapansi unali kungonyamula unzake.

Kawirikawiri chimachititsa ndi thabwa limodzi lopotoka, makamaka ngati linali lisanaume bwino, kapena mutu wa thabwa loimirira wodulidwa mopendekera.

Woweta nkhuku: Ndatembenuza, mpata watsatira kona yomweyo. Ndayang'ana thabwa lakumanzere ndi diso limodzi kuchokera kumutu, likuoneka lopotoka pang'ono. Ndilisinthe?

Womanga nyumba: Osasintha. Sentimita imodzi pa matabwa a 5 ndi 5 idzawongoka yokha mukalumikiza mbali zinayi ndi denga. Felemu zinzake zidzaikoka.

Kalipentala wamkulu: Ikanakhala mbali ya kumbuyo ndikanavomera. Koma iyi ndi ya chitseko. Nthawi zina zinzakezo zimaikoka n'kuwongoka, nthawi zina iyoyo ndi imene imakoka zinzake, ndipo thabwa losauma limapitiriza kupotoka miyezi ikamapita. Ngati thabwa lopotokalo ndi lomwe mudzakhomepo mahinjesi, ine ndikanalichotsa lero, n'kulidula tizidutswa tifupitifupi togwiritsa ntchito pena.

Woweta nkhuku: Mahinjesi ndimafuna akhale kumanja, lopotokalo lili kumanzere komwe kudzakhale loko.

Mnyamata wa pasowo: Ndiye chitseko chidzagunda pansi n'kusiya mpata pamwamba, kapena mosinthanitsa. Kathabwa kotsekera kaja mutha kukakhoma motsata chitsekocho m'malo motsata felemu.

Kalipentala wamkulu: N'zotheka ndithu. Chitani chonchi mayi: musakhome waya pa felemu imeneyi panopa. Pangani zitatu zotsalazo, iliyonse muyeze kona ndi kona monga mwachitira. Polumikiza, gwirizitsani ndi misomali yosamiza, muyeze madayagonolo a pansi pa khola lonse ndi a pamwamba pomwe padzakhale denga, chifukwa mbali zinayi zonse zitha kukhala pa sikweya koma khola lonse n'kukhala lopendama mukaliyang'ana kuchokera kumwamba. Mukatero kokaninso ulusi uja kutsogolo. Mpata wa pakati ukatsika kufika mamilimita 2, lisiyeni thabwalo. Ukakhalabe 5, zulani.

Woweta nkhuku: Ndamva bambo. Matabwa a mbali ya kumbuyo ndawagoneka awiriawiri kale, ndidula mawa m'mawa. Felemu ya m'mbali oimirira akenso ndilowetse pakati monga ndachitira iyi, kapena pamenepo zisintha poti idzagundana ndi ya kutsogolo?